Mayi akamwa piritsi la tulo, kwa mwana kumafika chiyani?

Mimba ikapitirira miyezi 7, tulo timavuta. Msana umawawa, mwana amaponda m'nthiti, chikhodzodzo sichichedwa kudzaza, ndipo mbali iliyonse imene mayi agonere siimukomera. Akachira sikuti zatha: khanda likufuna bere usana ndi usiku, ndipo ngati anachita kumung'amba, bala nalo likumupweteka. Apa ndi pamene mnzake woyandikana naye nyumba amabwera ndi timapiritsi tokulunga m'kapepala. "Imwani kamodzi aka, achemwali, mugona mpaka tambala."

Mankhwala ogonetsa si okhawo amene alembedwa kuti ndi a tulo. Valiyamu, amene dzina lake lenileni ndi dayazepamu, ndiye wodziwika kwambiri. Koma piritoni wa chimfine ndi ziwengo amagonetsa, fenegani woletsa kusanza amagonetsa, fenobabitoni wa khunyu amagonetsa, chimodzimodzinso kodini, tiramado ndi petidini zothetsa ululu. Pafupifupi onsewa amadutsa pa nsengwa kupita m'magazi a mwana, ndipo amalowanso mu mkaka wa m'mawere. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kuti mankhwala agonetse munthu ayenera kulowa mu ubongo, ndipo amene amalowa mu ubongo amakhala oti amasungunuka bwino m'mafuta. Khalidwe lomwelo ndi limene limawatsegulira njira pa nsengwa ndi m'bere.

Choncho funso lakuti kodi amafika kwa mwana lili ndi yankho kale: amafika. Chimene chimasiyanitsa mwana wovulala ndi mwana amene sanamve kanthu ndi nthawi imene mayi wamwera, kuchuluka kwake, ndi masiku amene wamwa motsatizana.

Masabata oyamba

Mantha amene madokotala ali nawo pa nkhaniyi ali ndi gwero lake. Mu 1957, ku West Germany kunayamba kugulitsidwa piritsi la tulo lotchedwa talidomayidi. Linkagulidwa popanda kalata ya dokotala, ndipo amayi oyembekezera analikonda chifukwa linkaletsanso mseru. Pofika kumapeto kwa 1961, pamene Widukind Lenz wa ku Germany ndi William McBride wa ku Australia anachenjeza ndipo piritsilo linachotsedwa pamsika, linali litawononga kale. Ana oposa 10,000 m'maiko ambiri anabadwa ndi manja kapena miyendo yaifupi kwambiri, ena opanda makutu. Ku America kunali ochepa chifukwa Frances Kelsey, wogwira ntchito ku bungwe loona za mankhwala la dzikolo, anakana kulivomereza asanaone umboni wokwanira.

Ofufuza atafunsa amayi masiku enieni amene anamwa, anapeza kuti kulumalaku kunkachitika makamaka piritsi likamwedwa pakati pa tsiku la 20 ndi la 36 mayi atatenga pakati. Ndi masabata awiri ndi masiku ochepa chabe. Ziwalo za mwana, mtima, manja, milomo ndi msana, zimaumbika kuyambira sabata lachitatu mpaka lachisanu ndi chitatu. Amayi ambiri kwathu kuno amayamba sikelo nthawi imeneyi itadutsa kale, ena mimba itayamba kuoneka. Mlangizi akamati musamwe mankhwala mwachisawawa, nthawi imene uphunguwo unali wofunika koposa imakhala itapita.

Komabe valiyamu si talidomayidi, ndipo pamenepa ndikufuna kuti amayi amve bwino. M'zaka za m'ma 1970 panatuluka malipoti oti dayazepamu angachititse mwana kubadwa ndi mlomo wong'ambika. Kafukufuku wamkulu amene anatsatira sanapeze chiopsezo chachikulu chotero. Wina wa ku South Korea, wofalitsidwa mu 2022, anaunika mimba pafupifupi 3 miliyoni ndipo anapeza kuti mankhwala a gulu la valiyamu amakweza pang'ono chabe mwayi wa chilema, makamaka cha mtima, ndipo kukwerako kumakula mlingo ukakhala waukulu. Tizikumbukiranso kuti ngakhale mayi asamwe kanthu, ana 2 kapena 3 pa 100 alionse amabadwa ndi chilema china chachikulu. Mayi amene anamwa valiyamu usiku uwiri kapena utatu asanadziwe kuti waima asadzizunze ndi maganizo, ndipo chimenecho si chifukwa choganizira zochotsa mimba. Auze azamba dzina la mankhwalawo ndi masiku amene anamwa, basi.

Pali malipoti enanso osonyeza kuti amayi omwa mankhwalawa nthawi yaitali amapita padera kapena kuchira masiku asanakwane kuposa anzawo. Chovuta n'chakuti amayi omwewo amakhala ndi nkhawa yaikulu, ena amasuta fodya kapena kumwa mowa, zinthu zimene pazokha zimabweretsa mavuto omwewa. Ofufuza akayerekeza ana a mayi mmodzi, wina amene anakumana ndi mankhwala m'mimba ndi wina amene sanakumane nawo, kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo kumachepa kwambiri. Izi zikusonyeza kuti mbali yaikulu ya vuto ili pa matenda a mayi ndi moyo umene akukhala, osati pa piritsi lokha.

Pafupi ndi tsiku lochira

Chimene chimadziwika popanda mtsutso ndi chimene chimachitika kumapeto kwa mimba. Mwana akadali m'mimba, chiwindi cha mayi ndi chimene chimamuchotsera mankhwala. Mchombo ukangodulidwa, mankhwala onse amene anali m'magazi mwake amatsala momwemo, ndipo ntchito yowachotsa imagwera kachiwindi kake komwe sikanakhwime. Mwa munthu wamkulu, dayazepamu amatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti theka lake lichoke, ndipo thupi limamusandutsa mankhwala ena amene amagonetsabe komanso amakhalitsa kuposa pamenepo. Mwa khanda, makamaka lobadwa masiku asanakwane, amatha kupezekabe m'magazi patadutsa sabata.

Anamwino amamudziwa mwana wotere akangomunyamula. Amakhala lende, mutu kugwera kumbuyo, manja ndi miyendo zili tambalale m'malo mopindika ngati za khanda lamphamvu. Kulira kwake n'kofooka. Ukamuika kubere amayamwa kawiri katatu n'kugona, mkaka ukutuluka m'mbali mwa kamwa. Thupi limazizira msanga ngakhale wafundidwa, ndipo nthawi zina amasiya kupuma kwa kanthawi. Izi zinkaoneka kawirikawiri kale pamene amayi okomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi ankabayidwa dayazepamu wambiri. Kafukufuku wamkulu wa m'maiko ambiri wofalitsidwa mu 1995 anasonyeza kuti maginiziyamu salifeti amaletsa bwino kukomokako kuposa dayazepamu, ndipo ndi amene zipatala zathu zimagwiritsa ntchito masiku ano. Petidini wobayidwa matenda atayamba nayenso ali ndi nthawi yake yoipa: mwana akabadwa patapita maola awiri kapena atatu jakisoniyo atabayidwa, kupuma kumamuvuta kwambiri, ndipo amatha masiku angapo akuyamwa mofooka. N'chifukwa chake mzamba amayamba wayeza njira asanabaye.

Vuto lachiwiri ndi losiyana ndi limeneli. Mwana amene mayi wake ankamwa mankhwala ogonetsa tsiku ndi tsiku kwa miyezi amakhala atawazolowera. Akatha m'thupi, amayamba kunjenjemera, kulira mokuwa kosatonthozeka, kuumitsa thupi, kuyamwa mwaphuma koma osakhuta, kusanza ndi kutsekula m'mimba. Chifukwa dayazepamu ndi fenobabitoni amachoka pang'onopang'ono, zizindikirozi zimatha kuyamba patapita sabata kapena kuposerapo, mayi atatuluka kale m'chipatala ndipo ali m'chikuta kumudzi. Kumeneko anthu amayamba kufunafuna zifukwa zina, ena n'kumati mwana wadwala m'mimba, ena n'kumupatsa mankhwala a zitsamba. Ngati azamba sanauzidwe za mapiritsi aja, nawonso angasochere. Zonse ziwirizi zimachizika, ndipo ana ambiri amachira bwinobwino, koma pokhapokha wina akudziwa choyang'ana.

Mayi amene sangasiye

Tiyerekeze mayi wa zaka 24 amene ali ndi khunyu kuyambira ali wamng'ono. Amamwa fenobabitoni wa mamiligalamu 90 usiku uliwonse, ndipo patha zaka ziwiri osagwa. Wazindikira kuti ali ndi pakati mimba ili ndi masabata 10. Apongozi ake, mwa chikondi chenicheni, akumuuza kuti, "Mwanawe, zimankhwala zimenezi uzisiye, udzabereka chopunduka."

Apongoziwo sakunama kotheratu. Fenobabitoni amakwezadi mwayi wa chilema: pa ana 100 obadwa kwa amayi omumwa, pafupifupi 6 amakhala ndi chilema chachikulu, makamaka cha mtima kapena mlomo, poyerekeza ndi 2 kapena 3 aja. Koma izi zikutanthauzanso kuti oposa 90 amabadwa opanda chilema. Ndiponso pa masabata 10 mtima ndi mlomo zaumbika kale, moti kusiya lero sikungabweze chilichonse. Chimene kungabweretse ndi kugwa, ndipo munthu akasiya fenobabitoni mwadzidzidzi amatha kukomoka motsatizana osatsitsimuka. Kugwa kotero kumamana mwana mpweya, kumatha kusomphola nsengwa, ndipo mayi wophika pa mafuwa kapena wotunga madzi pachitsime angafere pomwepo. Kusinthira ku valupuroweti si njira, chifukwa ameneyo ndiye woopsa koposa: pafupifupi ana 10 pa 100 amabadwa ndi chilema, ndipo 30 mpaka 40 pa 100 amavutika pa kakulidwe ka nzeru.

Choyenera ndi ichi. Apitirize kumwa osadumphitsa, apite kusikelo sabata lomwelo, ndipo mankhwalawo alembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala. Dokotala amamupatsa folikiasidi wa mamiligalamu 5 tsiku lililonse, wochuluka kuposa amene ali m'mapiritsi owonjezera magazi aja. Zikanakhala bwino akanayamba miyezi itatu asanaime, ndipo mimba yotsatira adzachite choncho. Kumene kuli makina ounikira, amuunike cha m'masabata 20 kuti aone mtima ndi msana wa mwana. Mimba ikamakula thupi limachotsa mankhwala msanga, choncho akayamba kumva zizindikiro zake zija za kugwa, mlingo ungafunike kukwezedwa, kenako n'kutsitsidwa akachira. Akachilire kuchipatala chimene chili ndi chipinda cha ana akhanda, ndipo mwana abayidwe vitamini K atangobadwa, chifukwa fenobabitoni amatha kuchepetsa mphamvu ya magazi a mwana youndana.

Nanga bere? Ayamwitse. Fenobabitoni amalowa mu mkaka wambiri kuposa mankhwala ena, koma mwanayu wakhala akumulandira wochuluka kuposa pamenepo kwa miyezi 9, ndipo wochepa wa mu mkakayo amathandiza kuti asasiye mwadzidzidzi. Chofunika ndi kumuyang'anitsitsa m'masabata oyamba, kumupititsa kukayezedwa patatha sabata, ndipo nthawi yomuletsa kuyamwa ikadzafika, kumuletsa pang'onopang'ono. Ndimamva chisoni ndikamva za mayi wa khunyu amene analetsedwa kuyamwitsa n'kuyamba kusungunula mkaka wa m'chitini ndi madzi a pachitsime, ndalama zake zosakwanira n'komwe mwezi. Kutsekula m'mimba kumapha makanda ambiri kuposa fenobabitoni.

Zimene zimalowa mu mkaka

Akatswiri amayerekeza mlingo umene mwana amalandira ndi wa mayi, potengera kulemera kwa aliyense. Ngati mwana akulandira zosakwana magawo 10 pa 100 a mlingo wa mayi, mankhwalawo amaonedwa kuti ndi oyenera kwa mwana wathanzi wobadwa pa nthawi yake. Dayazepamu amakhala pansi pa malire amenewa. N'chifukwa chake mayi amene wabayidwa kamodzi pomusoka kapena pomuchotsa dzino angayamwitse akangotsitsimuka bwino, osafinya mkaka n'kutaya.

Koma kamodzi ndi tsiku lililonse ndi zinthu ziwiri. Thupi la khanda lili ngati ndowa yokhala ndi kabowo kakang'ono pansi: ukathira kapu imodzi madzi amatha, koma ukamathira kapu usiku uliwonse asanathe a dzulo, ndowa imadzaza. Mayi womwa valiyamu usiku uliwonse saona kanthu tsiku loyamba ndi lachiwiri. Chakumapeto kwa sabata amayamba kuyamikira kuti mwana wake ndi wofatsa, salira usiku. Kufatsa kumeneko ndiye chizindikiro. Malipoti ambiri a ana ovulala ndi mankhwala a mu mkaka amakhudza makanda osakwana miyezi iwiri. Mwana wa miyezi 8 amene akudya phala ali ndi chiwindi chokhwima ndipo amayamwa mochepa, choncho piritsi lomwelo silimusautsa chimodzimodzi.

Kodini ali ndi nkhani yake. Payekha sathetsa ululu kwenikweni. Chiwindi chimamusandutsa mofini, ndipo anthu amasiyana pa liwiro la kusandutsako malinga ndi chibadwa. Ena amasandutsa msanga kwambiri, ndipo ku Ethiopia anapeza kuti anthu pafupifupi 29 pa 100 ndi otere. Mu 2006 magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa nkhani ya khanda la ku Toronto limene linamwalira lili ndi masiku 13, mayi wake akumwa kodini atachira. Patapita zaka, akatswiri ena a ku Canada komweko anatsutsa kuti mkaka wokha sukanapereka mofini wochuluka ngati amene anapezeka m'magazi a mwanayo. Ngakhale zili choncho, mabungwe oona za mankhwala ku Ulaya ndi ku America amaletsa kodini kwa mayi woyamwitsa, ndipo mu 2017 a ku America anawonjezerapo tiramado. Ine ndikuona kuti chenjezoli n'loyenera kwa ife, poti palibe mayi amene amadziwa mtundu wa chiwindi chake, ndipo mankhwala ena alipo. Panado ndi bulufeni zimakwanira pa ululu wa pambuyo pochira ndipo zimalowa mu mkaka pang'ono kwambiri, ngakhale kuti bulufeni ndi wosayenera mimba isanachire, makamaka itapitirira theka. Ululu wa opaleshoni ukakula, mankhwala amphamvu angaperekedwe kwa masiku awiri kapena atatu anamwino akuona mwana. Chenjeraninso ndi mankhwala amadzi a chifuwa ndi mapiritsi ena a mutu, chifukwa ena amakhala ndi kodini mkati, funsani wogulitsa.

Piritoni ndi fenegani akhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri ndipo sanapezeke kuti amalumalitsa mwana m'mimba. Fenegani amaperekedwa ndithu kwa mayi amene akusanza kwambiri. Poyamwitsa, piritsi limodzi la piritoni la mamiligalamu 4 mwa apo ndi apo silivuta, koma kumwa tsiku ndi tsiku kumagonetsa mwana ndipo kungachepetse mkaka m'masabata oyamba. Wa ziwengo zosatha angapemphe loratadini kapena setirizini, amene sagonetsa kwambiri. Chimene sichiyenera kuchitika ngakhale pang'ono ndi kumwetsa khanda lenilenilo mankhwalawa kuti ligone. Fenegani ndi woletsedwa kwa mwana wosakwana zaka ziwiri chifukwa amatha kumuimitsa kupuma.

Kuona mwana, ndi malo ogona

Khanda la masabata oyamba limayamwa kosachepera 8 pa usana ndi usiku, limadzuka lokha njala ikaligwira, ndipo kuyambira tsiku lachisanu limanyowetsa matewera 6 kapena kuposa. Pofika masabata awiri limakhala litabwerera pa sikelo yomwe linabadwa nayo. Mwana amene wagona maola oposa 4 osafuna bere, amene sadzuka ngakhale mutamuvula n'kumusisita kuphazi, amene wafooka thupi, akupuma pang'onopang'ono kapena milomo yasintha mtundu, apite kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena masana, ndipo mutenge paketi ya mankhwala a mayi. Musakhale pakhomo kudikira kuti mankhwala athe m'thupi, chifukwa matenda a m'magazi, chikasu ndi kutsika kwa shuga zimayambanso ndi tulo tomweto, ndipo sizidikira.

Pali ngozi ina imene siidzera mu mkaka n'komwe. Kwathu kuno mayi amagona ndi khanda lake pamphasa kapena pabedi limodzi, ndipo mayi amene ali bwinobwino amadzidzimuka mwana akangotakataka. Mayi amene wamwa valiyamu, piritoni, tiramado kapena mowa samva. Angamugonere, kapena bulangete lingaphimbe nkhope ya mwana iye ali m'tulo tofa nato. Mankhwala awiri akaphatikizana, monga tiramado ndi fenegani, kapena piritsi lililonse ndi kachasu, tulo take timakula kuposa pamenepo. Usiku umene mayi wamwa mankhwala otere, mwana agone chagada pamalo akeake olimba, pafupi koma osati m'khwapa mwake, neti itaphimba onse awiri. Bambo kapena agogo amene sanamwe kanthu ndiye azidzuka, kumubweretsa kubere, kukhala pomwepo mpaka atamaliza, n'kumubwezera pamalo pake.

Kusowa tulo kwenikweniko nthawi zambiri kumakhala ndi chochititsa chimene piritsi la tulo silichiza. Kutentha pamtima kumachepa mayi akadya msanga madzulo n'kugona mutu uli pamwamba. Miyendo yosakhazikika usiku imayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi, kumene kumayezeka kusikelo. Koma mayi amene sagona ngakhale mwana atagona, amene amangolira, wataya chilakolako cha chakudya, kapena akubwerwa ndi maganizo odzipweteka, ameneyo akudwala matenda a kukhumudwa, ndipo valiyamu amangowaphimba. Mankhwala ake alipo: amitiriputilini, amene amapezeka m'zipatala zambiri za boma, amalowa mu mkaka pang'ono kwambiri ndipo amayi ambiri ayamwitsa akumumwa. Amene wakhala akumwa valiyamu kwa masabata angapo asaleke tsiku limodzi, chifukwa nayenso angakomoke. Dokotala amatsitsa mlingo pang'onopang'ono kwa masabata angapo, ndipo ngati mayiyo ndi woyembekezera, cholinga chimakhala chakuti pofika mwezi womaliza akhale atasiya kapena ali pa mlingo wochepetsetsa umene angakwanitse.